Ndalama za penshoni zikapanda kuswana, wotapa m'thumba ndani?

Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi amadziwa kuti pali njira ziwiri zolipirira munthu wopita pamadzi. Ina ndi yoti mwini boti auze mlovi kuti pakutha pa mwezi ulandira zakutizakuti, usipa ugwidwe kapena usagwidwe. Ina ndi yogawana zimene khoka latulutsa: likadzaza aliyense amaseka, mwera ukawomba sabata yathunthu aliyense amagona ndi njala. Nyanja ndi imodzimodzi, mwera ndi womwewo. Chosiyana ndi chakuti pa njira yoyamba mwera umapweteka mwini boti, pa yachiwiri umapweteka mlovi.

Penshoni nayo ili ndi mitundu iwiri yotere. Mtundu woyamba umalonjeza zimene mudzalandire mukapuma, ndipo pamapepala umalembedwa ndi zilembo DB. Wachiwiri umangotchula zimene zisonkhedwe mwezi ndi mwezi, osanena kanthu za zimene mudzapeze pomaliza, ndipo zilembo zake ndi DC. Tiutcha woyambawo penshoni yolonjezedwa, winawo penshoni yosonkha. M'mitundu yonse iwiri, ndalama zikasonkhedwa sizigona mubanki ngati chimanga munkhokwe. Zimakagula masheya, zimakongozedwa kuboma, zimamanga nyumba zochititsa lendi. Zitha kuswana bwino, zithanso kuswana moperewera. Funso lathu ndi lakuti zikaperewera, woluza ndani.

Penshoni yolonjezedwa

Pano chimene chimalembedwa mu malamulo a thumba la penshoni ndi kawerengedwe. Kofala ndi aka: zaka zimene mwagwira ntchito, kuchulukitsa ndi kagawo kena kamene kanagwirizanidwa, kuchulukitsanso ndi malipiro anu omaliza. Tiyerekeze thumba limene kagawoko ndi 1/60. Manambala amene tigwiritse ntchito apa ndi a chitsanzo chabe, si a thumba lina lililonse, ndipo thumba lililonse lili ndi kagawo kake.

Mayi wina wagwira ntchito ya ukalaliki zaka 30 pa kampani ina ya ku Monkey Bay, ndipo akupuma akulandira K600,000 pa mwezi. Penshoni yawo ndi 30/60 ya K600,000, kutanthauza K300,000 mwezi uliwonse mpaka tsiku lotsikira kulichete. Mu masamu amenewa simunalowe mtengo wa masheya, simunalowe chiwongoladzanja. Mayiwa akanatha kudziwa nambalayi ndi pensulo okha kunyumba kwawo.

Koma wina ayenera kupeza ndalamazo. Tinene kuti kulipira munthu wa msinkhu wawo K300,000 pa mwezi moyo wake wonse kukufunika kuti lero pakhale ndalama zokwana penshoni ya chaka chimodzi kuchulukitsa ka 12. Penshoni ya chaka ndi K3.6 miliyoni, choncho thumba liyenera kukhala ndi K43.2 miliyoni pa dzina la mayiwa. Ngati malonda a thumba sanayende ndipo pali K36 miliyoni yokha, K7.2 miliyoni yotsalayo si ya mayiwa kuidandaula. Ndi ngongole ya bwana. N'chifukwa chake matumba a mtunduwu amaitana katswiri wa masamu a penshoni ndi inshuwalansi, kawirikawiri pakapita zaka zitatu zilizonse, kuti ayike mbali imodzi chuma chimene thumba lili nacho, mbali ina malonjezo onse amene linapanga. Malonjezo akalemera kuposa chuma, katswiriyo amauza bwana kuti awonjezere zosonkha zake kwa zaka zingapo mpaka dzenje litatsekeka.

Pali chinthu china chimene chimasowetsa tulo olemba ntchito kuposa kugwa kwa masheya. Popeza kawerengedwe kamatenga malipiro omaliza, kukweza malipiro chaka chimodzi kumakweza zaka zonse za m'mbuyo. Mayi aja akakwezeredwa ndi 20 peresenti atatsala pang'ono kupuma, kufika pa K720,000, penshoni yawo ikhala K360,000, ndipo ndalama zofunika zichoka pa K43.2 miliyoni kufika pa K51.84 miliyoni. Kalata imodzi yokweza malipiro yabala ngongole ya K8.64 miliyoni. M'dziko limene mitengo imathamanga ndipo malipiro amayenera kuithamangira, lonjezo lotere limakula msanga kuposa mmene bwana angalikonzekere. Onjezanipo kuti wopuma akakhala ndi moyo zaka 30 m'malo mwa 15, wolipira zaka zowonjezerazo ndi thumba ndi bwana yemweyo. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene makampani ambiri, kuno ndi kunja, anasiyira kulonjeza.

Penshoni yosonkha

Anthu ambiri olembedwa ntchito m'makampani ku Malawi lero ali m'mtundu uwu. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kulowetsa antchito awo mu penshoni, wantchito n'kumasonkha zosachepera 5 peresenti ya malipiro, bwana zosachepera 10 peresenti. Lamulo la 2023 linalowa m'malo mwa lakalelo, koma magawo awiriwa anakhala momwemo. Woyang'anira zonsezi ndi mkulu wolondoloza mabungwe a zachuma, amene ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Tengani tsopano bambo wophika pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja chakumtunda kwa boma la Mangochi. Kuti tifanizire bwino, nawonso alandire K600,000. Pa peyisilipi pawo pakuchoka K30,000, hotela ikuwonjezera K60,000. Zonse pamodzi ndi K90,000 pa mwezi, K1,080,000 pa chaka. Ndalamazi zikangofika kwa osunga thumba, udindo wa hotela watha. Zaka 30 zikakwana, bambowa adzalandira zimene zidzapezeke mu akaunti yawo, kaya zambiri kaya zochepa.

Zidzapezeka zingati? Kuti manambala asatinamize, tiwerenge zonse pa mtengo wa kwacha ya lero, ndipo tifunse kuti phindu la thumba linaposa kukwera mitengo kwa zinthu ndi zingati. Ngati chaka ndi chaka phindu linkaposa kukwera mitengo ndi 3 peresenti, bambowa adzapeza pafupifupi K51.4 miliyoni. Ngati phindu linkangofanana ndi kukwera mitengo, adzapeza zimene anasonkha basi, K32.4 miliyoni. Ngati phindu linkatsalira ndi 2 peresenti, adzapeza pafupifupi K24.5 miliyoni, zochepa kuposa zimene anaponyamo.

Tigwiritse ntchito mtengo womwe uja wa kuchulukitsa ka 12 kuti tisandutse ndalamazi penshoni ya pamwezi. Pa njira yoyamba apeza pafupifupi K357,000, kuposa mayi wa ku Monkey Bay. Pa yachiwiri K225,000. Pa yachitatu K170,000. Munthu ndi mmodzi, anadzuka mbandakucha womwewo kukoleza moto kukhitchini zaka 30, sanadumphitse mwezi. Koma penshoni yake ikhoza kuchuluka kawiri kapena kuchepa ndi theka chifukwa cha zinthu zimene sanazigwirepo dzanja. Palibe amene angam'dzazire. Hotela inasonkha zake, osunga thumba sanalonjeze nambala, ndipo palibe amene waphwanya lamulo.

Tisabise mbali yabwino. Malonda akayenda, phindu lonse ndi la bambowa, pomwe mu penshoni yolonjezedwa phindu lowonjezera limapeputsa bwana, osati wantchito. Ndiponso ntchito za m'mahotela ndi m'masitolo anthu amasinthasintha. Akaunti ya penshoni yosonkha imamutsata munthu kumene wapita. Mu penshoni yolonjezedwa, wochoka pakati amapwetekeka kwambiri: akasiya ntchito atagwira zaka 10, gawo lake limawerengedwa pa malipiro a tsiku limene wachoka, ndipo ngati malamulo a thumba salikweza, pofika tsiku lopuma limakhala litafota.

Nambala imene imanyenga pa sitetimenti

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa pepalalo silinama. Sitetimenti ya pachaka ikabwera n'kunena kuti thumba lapereka phindu la 20 peresenti, munthu amasangalala, poti K10 miliyoni yasanduka K12 miliyoni. Koma ngati chaka chomwecho mitengo yakwera ndi 28 peresenti, zinthu zimene zinkagulidwa ndi K10 miliyoni tsopano zikufuna K12.8 miliyoni. Akaunti yanenepa m'manambala, yawonda pamsika. K12 miliyoniyo ikugula zimene K9.4 miliyoni inkagula chaka chatha.

Izi si zongoganizira kwa ife. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense anaona zimene zinachitikira mtengo wa feteleza, malata ndi simenti. Ndalama za penshoni zochuluka zili m'kwacha, m'ngongole za boma ndi m'masheya a pa Malawi Stock Exchange. Pa msika umenewu pali makampani osakwana 20, ndipo akuluakulu mwa iwo ambiri ndi mabanki, amenenso amakongoza kwambiri boma. Ndiye ngakhale sitetimenti ikuonetsa kuti ndalama zagawidwa m'madengu osiyanasiyana, madenguwo ambiri akwera bwato limodzi. Zaka zimene masheya a mabanki akwera, mamembala a penshoni yosonkha amakolola zochuluka, ndipo zimenezo zachitikadi. Koma chimene chimakwera chotero chimathanso kutsika.

Kutsikako sikupweteka onse mofanana. Mnyamata wa zaka 28 amene ali ndi K3 miliyoni, msika ukagwa ndi 20 peresenti wataya K600,000, ndipo ali ndi zaka zambiri zoti zibwerere, komanso zosonkha zake zatsopano zikugula masheya otchipa. Bambo wophika uja, akhale ndi K40 miliyoni atatsala chaka chimodzi kupuma, kugwa komweko kuwachotsera K8 miliyoni, zofanana ndi zosonkha za zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi yodikira alibe. Njira yodziwika yochepetsera ngoziyi ndi kusamutsa pang'onopang'ono ndalama za okalamba kuchoka ku masheya kupita ku malonda osagwedezeka kwambiri, zaka zingapo asanapume. Ndi bwino kufunsa matrasti, anthu oyang'anira thumba lanu m'malo mwa mamembala, ngati zimenezi zimachitika, chifukwa m'matumba ena wa zaka 25 ndi wa zaka 59 amaikidwa m'poto mmodzi. Koma kuno njirayi nayo ili ndi minga: malonda ooneka odekha, monga kusungitsa kubanki, ndi omwe kukwera mitengo kumawadya mosavuta.

Matumba ena, makamaka osungidwa ndi makampani a inshuwalansi ya moyo, amayesa kusalaza mafundewa. Chaka chabwino sapereka phindu lonse, amasungako, kuti chaka choipa adzathe kulengeza bonasi yosachititsa manyazi. Apa kampani ya inshuwalansi yasenzako gawo la katundu, koma funsani mafunso awiri. Loyamba, chotsimikizidwacho n'chiyani? Nthawi zambiri ndi chakuti manambala a kwacha sadzatsika, osati kuti adzagula zofanana ndi lero. Lachiwiri, mwa bonasi imene yalembedwa, ndi gawo liti lakhazikika ndipo ndi liti limene likhoza kubwezedwa zinthu zikaipa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zina ziwiri zimene zimadya akaunti

Choyamba ndi ndalama zimene oyendetsa thumba amadula. Mu penshoni yolonjezedwa zimenezi ndi mutu wa bwana. Mu yosonkha zimachoka kwa inu. Zimaoneka zochepa, koma pa chitsanzo chathu, peresenti imodzi yokha pachaka, yotsitsa phindu kuchoka pa 3 kufika pa 2, imatsitsa K51.4 miliyoni ija kufika pa K43.8 miliyoni. Funsani kuti phindu limene lalembedwa pa sitetimenti ndi la asanadule kapena atadula.

Chachiwiri ndi chofala ndipo chimawawa kwambiri: bwana amadula 5 peresenti pa peyisilipi koma osaitumiza, n'kusunganso 10 peresenti yake. Zimachitika kawirikawiri pamene bizinesi yawuma, monga hotela m'miyezi yopanda alendo, bwana n'kumati ndidzabweza zinthu zikayenda. Lamulo limamukakamiza kutumiza mwezi ndi mwezi ndipo lili ndi zilango, koma wantchito amene sayang'ana amadzazindikira tsiku lopuma. Chimene chimatayika si ndalama zokhazo ayi. K1,080,000 ya chaka choyamba, ikanakhala m'thumba zaka 29 pa phindu lija la 3 peresenti, ikanafika pafupifupi K2.5 miliyoni. Kuzigwira kwake n'kosavuta. Tengani mapeyisilipi 12, wonkhetsani zimene zinadulidwa, chulukitsani katatu ngati mumasonkha 5 ndi 10, ndipo yerekezani ndi zosonkha zimene zalembedwa pa sitetimenti ya chakacho. Zikasiyana, pitani kwa osunga thumba muwapemphe mndandanda wa mwezi ndi mwezi. Mukaona miyezi yopanda kanthu, lembani kalata kwa bwana ndi kwa matrasti, musunge kope, ndipo zikakanika dandaulo limapita kwa mkulu wolondoloza uja ku Reserve Bank.

Lonjezo nalo lili ndi malire

Munthu akhoza kuwerenga mpaka apa n'kunena kuti wa penshoni yolonjezedwa ndiye wagona pabwino. Ali pabwinopo ndithu pa nkhani ya malonda a thumba, koma katundu wina amamutsalira.

Lonjezo limalimba molingana ndi wolonjeza. Mwini boti amene analonjeza malipiro a pamwezi, boti likamira, lonjezo limamira nalo. Mu 1963 kampani yopanga magalimoto ya Studebaker ku America inatseka fakitale yake ya ku South Bend thumba lake la penshoni lili loperewera, ndipo antchito zikwizikwi analandira kagawo kochepa ka zimene analonjezedwa, ena osalandira kalikonse. Nkhaniyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa dzikolo kukhazikitsa mu 1974 bungwe lopereka inshuwalansi pa mapenshoni olonjezedwa. Ndiye ngati muli m'thumba lotere la kampani, pepala lofunika kwa inu si sitetimenti ya phindu, koma lipoti la katswiri wa masamu uja. Funsani kuti pa K100 iliyonse imene thumba linalonjeza, lili ndi zingati, ndipo ngati zikuperewera, bwana anavomera kudzaza pofika liti.

Penshoni yakale ya ogwira ntchito m'boma ndi yolonjezedwa, koma ya mtundu wina. Ilibe thumba la masheya kumbuyo kwake. Opuma amalipidwa kuchokera ku misonkho ya chaka chimenecho. Choncho mphunzitsi wa ku Namwera amene ali mu dongosolo lakaleli saopa kugwa kwa msika. Chimene amaopa ndi kuchedwa kwa giratuwite bajeti ikathina, ndipo giratuwite yochedwa zaka ziwiri mitengo ikuthamanga imafika itachepa, ngakhale nambala yake isasinthe. Mu 2017 boma linasamutsira antchito ake a zaka 35 kutsika m'munsi ku dongosolo losonkha, pansi pa Public Service Pension Trust Fund. Zotsatira zake n'zakuti pa sukulu imodzi, mu sitafurumu imodzi, mphunzitsi wachikulire ndi wachinyamata akumwa tiyi limodzi koma wina katundu wake wasenzedwa ndi okhoma misonkho, winayo tsogolo lake likudalira mmene matrasti akugwiritsira ntchito ndalama za thumba. Wachinyamatayo ayenera kumatsata nkhani za zimene thumbalo likugula monga amatsatira za munda wake.

Ndipo pali kukwera mitengo pambuyo popuma. Penshoni ya K300,000 ya mayi aja, ngati malamulo a thumba sanena kuti izikwezedwa, idzakhala K300,000 mpaka kalekale. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, pakutha zaka zitatu zokha ikugula zimene K154,000 inkagula. Mawu oti penshoni ikhoza kukwezedwa matrasti akaona kuti n'kotheka ndi osiyana kwambiri ndi oti idzakwezedwa molingana ndi mitengo. Werengani chiganizo chimenecho kawiri.

Tsiku lopuma

Wa penshoni yosonkha amakumana ndi chisankho chimene chimasunthanso katundu. Lamulo la 2023 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Bambo wophika uja, pa njira yapakati ya K32.4 miliyoni, akatenga K16.2 miliyoni kuti amalize nyumba kapena agule boti ndi injini, penshoni yawo ya pamwezi itsika kuchoka pa K225,000 kufika pa K112,500. Si kulakwa kutenga. Nyumba ya malata imasunga mtengo kuposa kwacha, ndipo munthu wosalipira lendi wapepukidwa. Koma boti ndi bizinesi, ndipo ndalama zikalowa m'madzi palibenso matrasti oziyang'anira.

Theka lotsalalo lili ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kulipereka ku kampani ya inshuwalansi ya moyo kuti izikulipirani mwezi uliwonse mpaka imfa, chimene amachitcha anyuwite. Mukatero mwagula lonjezo, ndipo kuyambira tsikulo malonda akavuta kapena mukakhala ndi moyo zaka 95, ndi za kampaniyo. Mtengo wake umadalira msinkhu wanu ndi chiwongoladzanja cha nthawi imene mukugula, ndipo mukasayina simubwerera. Anyuwite yosakwera imayamba ndi ndalama zokopa maso koma imafota monga taonera. Yokwera chaka ndi chaka imayamba motsika. Funsaninso chimene mkazi kapena mwamuna wanu adzalandire inu mutatsogola, chifukwa anyuwite ya moyo umodzi imatha ndi mwini wake.

Njira yachiwiri ndi kusiya ndalama m'thumba n'kumatapa pang'onopang'ono motsatira ndondomeko. Zotsala mukamwalira zimapita kwa amene munawalemba, ndipo malonda akayenda mumapindula. Koma katundu yense ali pamutu panu: msika ukagwa zaka zoyambirira inu mukutapa, akaunti imaphwa msanga. K16.2 miliyoni yotapidwa K112,500 pa mwezi, phindu likamangofanana ndi kukwera mitengo, imatha pa zaka 12. Wopuma ali ndi zaka 60 adzaipeza yauma ali ndi zaka 72.